Kodi "mtengo" ndi maphatikizo awiri kapena atatu?

*Ndimaphunzitsa ana Chichewa Loweruka lililonse kutchalitchi kwathu kuno ku Mufakose, mu Harare. Ambiri anabadwira konkuno, moti Chishona ndiye chili pakamwa. Ndikukonza makadi a mawu oti anawo aziponya m'madengu atatu: dengu la maphatikizo awiri, la atatu ndi la anayi. Tsono tatsutsana ndi mnzanga amene timathandizana naye. Ine ndikuti "mtengo" ndi atatu, iye akuti awiri. Pa "zoona", "mvuu", "ng'ombe" ndi "m'nyumba" sitikumvananso. Kodi lamulo lake lilipo, kapena aliyense amangowerenga mmene wamvera? — Nabanda, Mufakose*

Mayi Nabanda, mtima m'malo. Lamulo lilipo, ndipo pa mawu ochuluka a Chichewa ndi losavuta moti mwana wa zaka 6 amaligwira tsiku lomwelo. Pamene mwakodwa inupo ndi pomwe pamakodwa aphunzitsi ambiri, ngakhale amene anaphunzira Chichewa mpaka ku koleji. Pa mtengo mukulondola ndinu, koma mnzanuyo sanazitole pamsewu ayi, ndipo ndifotokoza kumene anazitenga.

Tiyambe ndi chimene sichisintha. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu: a, e, i, o, u. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, ndipo lembo la liwu lililonse limene mukuliona m'mawu ndi phatikizo limodzi. Malembo opanda liwu, kaya ndi limodzi kaya ndi anayi, amatsamira lembo la liwu limene lili kutsogolo kwawo. Choncho powerenga musamayang'ane kutalika kwa mawu papepala. Nkhwangwa ili ndi malembo 9 koma maphatikizo awiri okha, nkhwa-ngwa. Ulimi uli ndi malembo asanu koma maphatikizo atatu, u-li-mi. Ntchentche ndi ntche-ntche, awiri. Ana amene amaphunzira Chingerezi kusukulu amakonda kudula kuti nyum-ba, sam-ba, den-ga, chifukwa ku Chingerezi phatikizo limatha kutsekedwa ndi lembo lopanda liwu. Chiwerengero chimatuluka cholondola, awiri, koma mpeni wadutsa polakwika. Kwathu ndi nyu-mba, sa-mba, de-nga. Muwawongolere msanga, chifukwa mwana wozolowera kudula nyum-ba adzavutika akadzakumana ndi mawu oyamba ndi mb kapena ng, monga mbuzi ndi nguluwe. Chishona chimene ali nacho pakamwa chikuthandizani apa, pakuti nachonso chimadula chimodzimodzi. Afunseni adule mayina a malo amene amawadziwa: Mba-re, Ma-bvu-ku, Mu-fa-ko-se, Chi-tu-ngwi-za, Dzi-va-ra-se-kwa. Mudzaona kuti sakuphonya.

Malembo w ndi y sawerengedwa ngati a liwu, ngakhale amamveka mofewa. Mwana ndi mwa-na, bwalo ndi bwa-lo, fodya ndi fo-dya, kudya ndi ku-dya. Ndimatchula zimenezi chifukwa mwana akamatchula pang'onopang'ono amatha kunena mu-wa-na n'kuwomba m'manja katatu powerenga maphatikizo. Akatero muuzeni atchule mmene amaitanira mnzake pabwalo, osati mmene amawerengera pabolodi.

Tsopano nkhani ya mtengo. Pali m wina amene amaima payekha ngati phatikizo lathunthu popanda lembo la liwu pambali pake. Ameneyu ndi mu amene anataya u wake. Kale mawuwa anali mutengo, mukazi, mulimi, musika, ndipo m'kupita kwa nthawi u anagwa m'katchulidwe, koma nthawi imene u ankatenga pakamwa sinagwe naye. Inatsalira m. Ndiye chifukwa chake timati m-te-ngo, m-ka-zi, m-li-mi, m-si-ka, onsewa atatu atatu.

Inu a ku Harare muli ndi umboni umene aphunzitsi a ku Dedza alibe pafupi. Chishona cholembedwa chinasunga u ameneyu. Ana anu amadziwa Mbare Musika, ndipo akawomba m'manja apeza mu-si-ka, katatu. Msika wathu ndi mawu omwewo, ndipo kuwomba kwake n'komweko. Mukaka ndi mkaka, mupunga ndi mpunga, musana ndi msana, mutengo wa chinthu pamsika ndi mtengo. Ndaona ana okulira m'Chishona akuimva nkhaniyi msanga kuposa ana okulira ku Lilongwe, chifukwa kwa iwo u wotayikayo akadali wamoyo m'chinenero chinacho.

Umboni wina uli m'Chichewa momwemo. Taonani mawu amene u sanagwe: munthu, mutu, mudzi, munda, muzu. Onsewa akanataya u akanatsala ndi lembo la liwu limodzi lokha, ndipo Chichewa sichikonda dzina lotero. Mu ameneyu ndi yemweyo wa mu mtengo, kungoti apa waonekera yense. Ndiponso mukachulukitsa, mtengo umakhala mi-te-ngo, mpando umakhala mi-pa-ndo, mlimi amakhala a-li-mi. Pamalo pamene panali m pabwera mi kapena a, phatikizo loonekeratu, ndipo mawuwo sanatalike pakamwa. Malo amenewo analipo kale.

Nanga mnzanuyo anazitenga kuti zoti ndi awiri? Pophunzitsa ana kuwerenga, aphunzitsi ena amalemba pabolodi mta, mte, mti, mto, mtu, kapena mka, mke, mki, mko, mku, n'kumaimbitsa ana monga amachitira ndi mba, mbe, mbi. Cholinga chawo n'chakuti diso la mwana lizolowere kuona malembo awiri ali pamodzi, ndipo pa ntchito imeneyo njirayi imathandiza. Wophunzira motero amakula akudula mte-ngo. Kumeneko ndi kuwerenga kwa diso, kotsata lamulo lakuti lembo la liwu limodzi ndi phatikizo limodzi popanda kupatula kanthu. Kuwerenga kwa khutu kumapeza atatu, ndipo akatswiri a chinenero amagwirizana ndi khutu. Poti ana aziwerenga maphatikizo powomba m'manja, tsatani khutu.

Chovuta chenicheni n'chakuti si m aliyense woyamba mawu amene amaima payekha. Mbuzi ndi mbu-zi. Mvula ndi mvu-la. Mphasa ndi mpha-sa. Apa m sanachokere kwa mu, ndi kamphuno chabe, kaliwu ka m'mphuno kamene kamatsogolera b, v kapena ph, monga n amatsogolera mu nkhuku, nsomba ndi njoka, amene onse ndi awiri awiri. Ndiye mudziwa bwanji? Yang'anani lembo lotsatira m.

Likakhala lembo limene silitchulidwa ndi milomo, monga t, k, s, l, n, z, ch, dz, ts kapena g, m ameneyo ndi phatikizo, osakayika. Yesani kutchula mkango pang'onopang'ono. Milomo imatsekeka kaye pa m, kenako imatseguka, lilime n'kupita kumbuyo kukapanga k. Ntchito ziwiri, malo awiri. M-ka-ngo, m-le-ndo, m-che-re, m-se-wu, m-zi-mu. Mtsikana ndi mnyamata ndi anayi anayi, m-tsi-ka-na, m-nya-ma-ta. Mnzanga ndi m-nza-nga. Mayina a kumudzi nawonso amatsata zomwezo: M-chi-nji, M-zi-mba, M-zu-zu, pamene Nsanje ndi Nsa-nje, Ntcheu ndi Ntche-u. Akatsatana ma m awiri, woyambayo ndi phatikizo: m-mo-dzi, m-me-ne, m-mi-si-ri.

Likakhala p wopanda h, m ndi phatikizonso: m-pa-ndo, m-pu-nga, m-pi-ra, m-pe-ni, m-pi-ngo. Chifukwa chake n'chakuti m'Chichewa kamphuno kaja kakagundana ndi p, t kapena k m'phatikizo limodzi, pamatuluka mpweya, ndipo timalemba mph, nth, nkh. Mukaona mp wouma wopanda h, dziwani kuti m ndi p sali m'phatikizo limodzi. Likakhala w, ndiye mw wa mwana, mwezi, mwala, amene ndi phatikizo limodzi ndi lembo la liwu lotsatira.

Otsala ndi anayi: mb, mph, mf ndi mv. Apa diso lokha silingakuuzeni, chifukwa mitundu iwiri ija imalembedwa mofanana. Mphika ndi mphasa amayamba chimodzimodzi papepala, koma mphika ndi m-phi-ka, atatu, mphasa ndi mpha-sa, awiri. Mphunzitsi ndi m-phu-nzi-tsi, anayi, pamene mphatso, mphepo, mphuno ndi mphamvu ndi awiri awiri. Njira imene ndimapatsa aphunzitsi ndi ya kuchulukitsa. Mawuwo akasintha kukhala mi- kapena a- pamalo pa m, m ameneyo ndi phatikizo: mphika, miphika, mphunzitsi, aphunzitsi, m'busa, abusa. Akakhala osasintha, ndi kamphuno chabe: mphasa imodzi, mphasa zitatu, mbuzi imodzi, mbuzi zitatu, mfuti imodzi, mfuti zitatu. Mbale yodyera ndi mba-le, ndipo zikachuluka ndi mbale zomwezo. M'bale wobadwa naye ndi m-ba-le, ndipo akachuluka ndi abale. Kusiyana kwa mawu awiriwa pakamwa ndi phatikizo limodzi lomwe mukukanganirana ndi mnzanulo, choncho mufunseni ngati mbale ndi m'bale amazitchula mofanana.

Pali dzina limodzi lodziwika limene limapusitsa njira imeneyi, mfumu. Pochulukitsa timati mafumu, ndiye wina angaganize kuti m uja wasintha, choncho ndi phatikizo. Ayi, mfumu ndi mfu-mu, awiri. Mukakayika chonchi onjezani mayeso achiwiri: ikani "wathu" kapena "yathu" motsatira dzinalo. Timati mfumu yathu, monga mbuzi yathu ndi mphasa yathu. Koma timati mphika wathu, m'bale wathu, mphunzitsi wathu. A "yathu" ndi a kamphuno. Ndipo chimene chabwera mu mafumu ndi ma-, osati mi- kapena a-.

Chenjerani ndi kalembedwe ka pa foni. Anthu ambiri polankhula msanga amati ntengo, nkazi, nsika, ndipo amalemba momwemo pa WhatsApp. Mwana akaona "nkazi" aziyesa ngati nkhuku n'kuwerenga awiri. Mvetserani bwino munthu wonena chonchoyo, mupeza kuti n wakeyo akumukokabe, n-ka-zi. Pamakadi anu lembani m, monga mwa kalembedwe kovomerezeka.

M woima payekhayu sakhala kumayambiriro kokha. Mawu aja akalandira kanthu kutsogolo, iye amalowa m'kati koma sasiya kukhala phatikizo: pa-m-te-ngo, ku-m-si-ka, wa-m-ku-lu, ku-m-po-to. Yerekezani ndi ku-mba-li ndi pa-mpha-sa, pamene m ndi kamphuno. Amapezekanso m'mneni pamene "mu" woimira munthu wafupikitsidwa: anamupatsa ndi a-na-mu-pa-tsa, ndipo anam'patsa ndi a-na-m-pa-tsa, asanu konsekonse. M'katimu ndi mmene khutu limanyengeka kwambiri, chifukwa polankhula m amamatirira phatikizo la kumbuyo kwake n'kumveka ngati pam-te-ngo. Mawu otere musawaike pamakadi a ana oyamba kumene.

Za kachizindikiro ka m'mwamba kaja, kamene kali mu ng'ombe ndi m'nyumba. Kamagwira ntchito ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo apa ndi pamene munasokonezekera. Mu ng'ombe sikakusonyeza kuti pagwa lembo ayi. Ng' ndi liwu limodzi la m'mphuno, losiyana ndi ng wa mu ngozi, ndipo kachizindikiroko ndi mbali ya kalembedwe ka liwulo. Choncho ng'o-mbe, ng'o-ma, ng'o-na, awiri awiri, ndipo pang'ono ndi pa-ng'o-no. Koma mu m'nyumba kakusonyeza kuti u wa mu wagwa, ndiye tabwerera kwa m wathu uja: m-nyu-mba, m-ma-dzi, m-mu-dzi, m-ma-wa, atatu atatu. Mng'ono ali ndi zonse ziwiri, m woima payekha ndi ng', ndipo ndi m-ng'o-no. N nayenso amatha kuima payekha akakhala chidule cha ndi. N'zoona ndi "ndi zoona", n'kupita ndi "ndi kupita", ndipo n ameneyo amawerengedwa. Koma amenewa ndi mawu awiri olumikizidwa, si oika pakhadi.

Pa zoona ndi mvuu, lamulo loyamba lija likwanira. Malembo a liwu awiri akatsatana, lililonse ndi phatikizo lake: zo-o-na, atatu, mvu-u, awiri, ku-o-na, ku-i-ka, ku-u-za, wo-i-pa, atatu atatu, ku-u-lu-ka ndi a-a-ng'o-no, anayi. Chichewa sichiphatikiza malembo a liwu awiri kukhala liwu limodzi lopindika monga chimachitira Chingerezi. Pamene malembowo ndi ofanana, monga oo wa mu zoona, polankhula amamveka ngati liwu limodzi lalitali, n'chifukwa chake mwana amawomba kawiri. Musonyezeni kumene mawuwo achokera. Zoona ndi za kuona zitafinyidwa, monga zophika ndi za kuphika. Zo ndi phatikizo, ndipo ona ali ndi ake awiri. Akaona kuti zo-phi-ka ndi atatu, savutika kuvomera zo-o-na.

Poti mukuphunzitsira kutchalitchi, ana akumana ndi mabuku akale. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndi mabuku akale a nyimbo amalemba mau, liu, amai, pamene kalembedwe kamene kanakhazikitsidwa ku Malawi kuyambira 1973 n'kumakonzedwa pambuyo pake kanatifikitsa pa mawu, liwu, amayi. Achikulire ambiri a ku Highfield, ku Mbare ndi ku Mabvuku amalembabe mwakale, ndipo musalimbane nawo. Pa chiwerengero palibe chosintha: ma-u ndi ma-wu, a-ma-i ndi a-ma-yi. W kapena y wolowa pakatiyo sabweretsa phatikizo. Chimodzimodzi mbvula wa kalembedwe kakale ndi mvula.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza kuwomba m'manja, ndipo ichi sichioneka papepala n'komwe. Mchewa akamamaliza mawu kapena chiganizo amakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nenani "nyumba" payokha, mumva ngati nyuumba. Nenani "galimoto", mumva galimooto. Mphunzitsi akanyamula khadi n'kutchula mokweza kuti ana amve, kukokako kumakula, ndipo mwana watcheru amawomba katatu pa nyumba. Mwanayo wamva zoona, kungoti chimene wamvacho ndi kutalika kwa phatikizo, si phatikizo lina. Mudziwa kuti ndi vuto limeneli ngati kuwomba kowonjezerako kukugwera malo omwewo nthawi zonse, pafupi ndi kumapeto. Mankhwala ake ndi kuika mawuwo m'kati mwa kachiganizo. Mukati "nyumba yathu", kukoka kumachoka pa nyu n'kupita pa ya, ndipo nyumba imamveka bwinobwino kuti ndi awiri. Zoona simungaichite zimenezo. Mukati "zoona zake", oo amakhalabe, chifukwa ndi wa m'mawumo.

Tiyeni tsopano tiyese ndi mulu wa makadi monga mungaupezere Loweruka. Tinene kuti pamwamba pali nkhuku. Malembo a liwu ndi u ndi u, palibe m woyamba, dengu la awiri. Lotsatira mlendo: e ndi o, awiri, koma m watsogolera l, onjezani limodzi, dengu la atatu. Mbatata: a, a, a, atatu, ndipo mb ndi wokayikitsa, ndiye tiyese, mbatata yathu, mbatata zathu, sinasinthe, ikhala pa atatu, mba-ta-ta. Mphunzitsi: u, i, i, atatu, mph ndi wokayikitsa, aphunzitsi, wasintha, onjezani limodzi, dengu la anayi. Msomali: o, a, i, ndi m wotsogolera s, anayi. Nsomba, imene imayamba mofanana pang'ono ndi msomali, ndi awiri basi. Mwezi: mw, awiri. Sukulu: su-ku-lu, atatu. Chimanga: chi-ma-nga, atatu, ndipo m wa m'katiyo ali ndi a wake, palibe nkhani. Kalulu atatu, agogo atatu, galimoto anayi. Ndiye kachitidwe kake ndi komweko nthawi zonse: werengani malembo a liwu, kenako funsani ngati pali m woima payekha. Mukafuna kuseketsa ana aakulu, apatseni mtanthauziramawu. Malembo a liwu ndi 7, ndi m wotsogolera t, onse pamodzi 8: m-ta-ntha-u-zi-ra-ma-wu.

Sukulu yandikumbutsa mawu obwereka. Awerengeni mmene Mchewa amawatchulira ndi kuwalembera, osati mmene alili kumene anachokera. Supuni ndi su-pu-ni, buledi ndi bu-le-di, tebulo ndi te-bu-lo, sitolo ndi si-to-lo, foni ndi fo-ni, wayilesi ndi wa-yi-le-si. Ana a m'tauni ngati anuwo, amene Chingerezi amachilankhula tsiku ndi tsiku, amameza u wa mu sukulu ndi supuni n'kupeza awiri. Ine mawu obwereka ndimayamba ndawasiya, n'kudzawabweretsa ana atazolowera, kupatula osavuta ngati buku, basi ndi foni.

Posankha mawu, samalaninso ndi maonekedwe amene mwawalemba pakhadi, chifukwa Chichewa chimamata tizidutswa tambiri pa mawu amodzi ndipo kachidutswa kalikonse kamabwera ndi phatikizo. Phika ndi awiri, kuphika atatu, kuphikira anayi, kuphikirana asanu. Nyumba ndi awiri, nyumbayo atatu, nyumbayonso anayi. Dzira ndi awiri koma mazira atatu, buku awiri koma mabuku atatu. Mugwirizane ndi mnzanuyo kuti aneni muziwalemba ndi ku- kapena ayi, apo ayi khadi limodzi lidzagwa m'madengu awiri. Ubwino wake ndi wakuti dengu la anayi likachepa simusowa kofuna mawu. Tengani mneni wa awiri, muikeni ku- kutsogolo ndi -nso kumapeto, kapena mutenge aneni aatali: kusewera, kuthamanga, kuphunzira, onsewa ndi anayi kale.

Mwachita bwino kusakonza dengu la phatikizo limodzi. Mukanavutika kulidzaza. Mayina a zinthu a phatikizo limodzi m'Chichewa ndi osowa, ndipo ngakhale aneni aafupi ngati kudya, kumwa ndi kugwa, polamula timawaonjezera i kuti akwane awiri: i-dya, i-mwa, i-gwa. Otsala ndi timawu tolumikizira ngati ndi, si, pa, ku, za, ndi mawu ofanizira monga gwa kapena phwa. Ofanizira enawo, zii, phee, mbuu, timawalemba ndi malembo awiri pofuna kusonyeza kukoka, ndipo wina amatha kulemba ziii ndi atatu akafuna. Pamenepa lamulo lowerenga malembo a liwu siligwira bwino, choncho asakhale pamakadi.

Kwa ana oyamba, ndikanakhala inu ndikanadzaza madengu ndi mawu opanda mkangano kaye, masabata angapo: galu, nyumba, nkhuku, tsamba; kalulu, chimanga, agogo; galimoto, kusewera, chipatala. Kenako tsiku lina lapadera mubweretse m, muyambe ndi musika ndi msika, mukaka ndi mkaka, anawo atulukire okha chimene chagwa. Mbale ndi m'bale zibwere pambuyo pa zonse. Ngati masewerawa ali ndi mpikisano ndi mphoto, lamulo la m mulinene masewera asanayambe, chifukwa kholo limene linaphunzira mta, mte, mti lidzabwera kudzafunsa chimene mwana wake waluzira.

Ngati tsiku lina a kwaya adzakupemphani kuti muwathandize kusankha mawu oti akwane pa nyimbo, kumbukirani kuti oimba ali ndi ufulu umene inu pamakadi mulibe. M woima payekha amatha kupatsidwa noti yake, kapena kumezedwa n'kukwera pa noti ya phatikizo loyandikana nalo. N'chifukwa chake m'mabuku a nyimbo mumapeza pena Mulungu pena Mlungu. Polankhula onsewa ndi atatu, koma wolemba nyimbo amasankha wachiwiriyo akafuna kuti mawuwo akwane pa manoti awiri. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe uli ndi maphatikizo 10 mukauwerenga bwino, mwa-na-wa-m-nza-ko-ngwa-ko-ye-mwe, koma woimba angathe kuukwanitsa pa manoti 9 pomata m ku wa. Mwana asatengere chiwerengero pa mmene nyimbo ikuimbidwira.

Mawu ena adzakukanikanibe, makamaka mayina a mitengo, a mbalame ndi a zipangizo zakumudzi oyamba ndi mb kapena mph amene simuwamva kawirikawiri kuno. Pitani nawo kwa agogo a mumpingo mwanumo amene anakulira ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete. Musawafunse kuti ndi maphatikizo angati, angakuyankheni za kusukulu kapena kungokusekani. Afunseni kuti zikakhala zambiri amati chiyani, ndipo muwapemphe anene mawuwo m'chiganizo, inu mumvetsere ngati akuti wathu kapena yathu. Mtanthauziramawu wosonyeza kuchulukitsa kwa mayina amagwira ntchito yomweyo. Ngati pali mwana amene akukonzekera kukapitiriza sukulu ku Malawi, pezani buku la kalasi imene akukalowayo kapena mufunse mphunzitsi wa kumeneko mmene amadulira mawu a mt ndi mk, mwanayo adziwe njira zonse ziwiri ndi chifukwa chake. Ndipo mukaona mwana amene anzake onse adutsa koma iye akulephera kuwomba ngakhale ga-lu ndi bu-ku, m'Chichewa ndi m'Chishona momwe, ndiponso amakonda kufunsa kuti mubwereze zimene mwanena, lankhulani ndi makolo ake akamupimitse makutu kuchipatala.